Uthenga wothokoza usagone

Intavyu ikatha, ambirife timangopumira m'mwamba, kukwera minibasi, n'kukadikira foni kunyumba. Komatu pamakhala patatsala kantchito kamodzi kosatenga n'komwe theka la ola: kulemba uthenga wothokoza amene amakufunsani mafunso aja, n'kuutumiza tsiku lomwelo anthu asanaweruke.

Changuchi chili ndi chifukwa. Ofunsa amaona anthu angapo pa tsiku, wina akamatuluka wina akulowa, ndipo pofika madzulo nkhope ndi mayankho zimayamba kusakanikirana m'mutu. Kawirikawiri amakambirana za woti amutenge tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Uthenga wofika patatha sabata umapeza nkhani itatha kale. Koma musautumizenso muli pageti, chifukwa umaoneka kuti munaulemberatu musanalowe. Mukangotuluka, pezani pokhala, lembani papepala mayina a okufunsani ndi funso limene anakhalitsapo. Uthenga weniweniwo utumizeni pakapita maola awiri kapena atatu.

Tiyerekeze mtsikana amene akufuna ntchito yosunga katundu pa kampani ina yogulitsa feteleza ku Kanengo. Ofunsa analipo atatu, koma mayi woyang'anira nyumba yosungiramo katundu ndi amene anamupanikiza: ungatani utapeza kuti matumba ali m'nyumbamo ndi ochepa poyerekeza ndi amene alembedwa m'buku? Iye anayankha kuti angawerengenso n'kukanena kwa abwana, koma chifukwa cha mantha anaiwala kutchula njira imene ankatsata kumene ankagwira kale. Madzulo akulemba chonchi, kaya m'Chingelezi monga achitira maofesi ambiri, kaya m'Chichewa ngati ndi chimene amayankhulana:

"Mayi, zikomo pondipatsa mpata wocheza nanu m'mawa uno pa za ntchito yosunga katundu. Funso lanu la matumba osagwirizana ndi buku ndakhala ndikuliganizira. Kumene ndinkagwira kale tinkawerenga matumba galimoto ikamatsitsa, n'kusainirana ndi dalaivala asananyamuke, ndipo Lachisanu lililonse tinkafananitsa khadi la katundu ndi malisiti. Ndingakondwe kudzachita zomwezi kwanuko, makamaka nyengo yodzala imene munati katundu amatuluka wambiri."

Pansi pake dzina lake lonse ndi nambala ya foni, basi.

Ziganizo ndi zinayi zokha, ndipo mphamvu yake ili pa chachiwiri ndi chachitatu. Mayi aja akangowerenga za matumba, amukumbukira msanga kuti ndi uja anakhala chete kaye asanayankhe. Aonanso kuti mtsikanayu amamvetsera, pakuti watchula nyengo yodzala imene iwo anangoinena modutsa. Yankho limene linaperewera m'chipinda muja lakwanira, popanda kupepesa kapena kudzidandaulira kuti anachita mantha. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene uthengawu umapindulira mwini wake, chifukwa ndi mpata wokhawo wowonjezera mfundo imodzi, osati zisanu.

Pali njira yosavuta yoyesera uthenga wanu. Bisani dzina la kampani ndi la munthu, muwerenge zotsalazo. Ngati mawuwo angathe kupita ku banki, ku sukulu kapena ku chipatala osasintha kanthu, ndiye kuti simunalembe. Mawu ngati akuti ndine wolimbikira ndipo ndimakonda kampani yanu aliyense amalemba, ndipo owerenga amangowadumpha.

Tumizani kudzera njira imene iwo anakuitanirani. Ngati inali imelo, yankhani pa imelo yomweyo kuti aone msanga kuti ndinu ndani. WhatsApp ndi yoyenera pokhapokha ngati ndi mmene akhala akulankhulira nanu, ndipo ulembedwe ndi mawu athunthu, osati achidule kapena uthenga wa mawu. Nambala ya bwana yochita kupempha kwa mlonda kapena kwa msuweni wogwira komweko, isiyeni. Ngati muli ndi adiresi ya a ofesi yolemba antchito yokha, lemberani iwo n'kuwapempha kuti akuthokozereni enawo. Dzina la munthu mulilembe molondola. Ngati simunalimve bwino, ndi bwino kutchula udindo wake kusiyana n'kulilakwitsa.

Chenjezo lalikulu ndi ili. Zidziwitso zambiri za ntchito kuno kwathu zimanena kuti wonyengerera olemba ntchito adzachotsedwa pa mndandanda. Choncho uthenga wanu usakhale ndi pempho lakuti mundiganizire, nkhani ya mavuto a kunyumba, kutchula wachibale amene mumadziwana naye, kapena lonjezo la kangachepe. Za malipiro dikirani akuitaneni. Ku ntchito za boma ndi mabungwe amene ofunsa amapereka malikisi papepala n'kusainira pomwepo, uthenga susintha malikisiwo, ndipo kulembera mmodzi wa ofunsa payekha kungakuikeni m'mavuto. Kumeneko, ngati mwafuna kuthokoza, lemberani ofesi imene inakuitanani ziganizo ziwiri zokha, ndipo musatumizenso wina wofunsa ngati woyamba uja unafika.