Khunyu kwa munthu wamkulu: zochita akagwa, ndi zimene tiyenera kusiya

Amayi, abambo, abale ndi alongo a ku Chifunde, ku Mualadzi, ku Nsadzu mpaka kumalire a Cassacatiza, lero tikambirane za khunyu. Ena amati matenda akugwa, ena amati linjirinjiri, koma nthenda yake ndi imodzi. Ambiri timaganiza kuti ndi ya ana okha. Ayi, imayambanso munthu ali ndi banja lake, ali ndi munda wake wa fodya, tsitsi litayamba kale imvi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limati anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, ndipo 7 mwa anthu 10 alionse angathe kusiya kugwa atamamwa mankhwala oyenera.

Khunyu ndi nthenda ya mu ubongo. Ubongo umatumiza mauthenga ku thupi lonse ndi timphamvu tonga magetsi. Timphamvu timeneti tikasokonekera nthawi imodzi, munthu amagwa, amauma, kenako amaphupha manja ndi miyendo. Kugwa kamodzi kokha sikuti ndi khunyu, chifukwa malungo aakulu kapena kuchepa kwa shuga m'thupi kungagwetsenso munthu. Achipatala amati ndi khunyu munthu akagwa kawiri kapena kuposa, masiku osiyana, popanda matenda ena omugwetsa pa nthawiyo. Dziwaninso kuti ena sagwa pansi. Amangoti duu, maso ali tong'o, akutafuna milomo kapena kukokakoka malaya, mukawaitana osayankha, ndipo pambuyo pake sakumbukira kanthu.

Tiyeni tiyerekeze. Ndi madzulo, mayi wazaka 35 akuphika nsima pamafuwa. Mwamva wakuwa kamodzi, wagwa chammbali, dzanja lili pafupi ndi moto, thupi lauma gwa. Inu ndinu apongozi ake kapena mnansi, muli pomwepo.

Musathawe. Choyamba ndi moto: mugwireni m'khwapa kapena pa zovala, mumukokere patali ndi mafuwa, muphule mphika. Moto, madzi ndi msewu ndizo zokha zomusunthira munthu. Ngati wagwa pamalo abwino, msiyeni pomwepo, muchotse makasu, miyala ndi nkhuni zimene angadzimenye nazo. Pindani chitenje muike pansi pa mutu wake kuti usamenye pansi, ndipo mumasule chilichonse chomuthina pakhosi. Wina ayang'ane nthawi pa foni. Ngati foni palibe, awerenge pang'onopang'ono kuyambira 1. Akafika 300 ndiye kuti mphindi 5 zakwana. Izi musazione zachabe, chifukwa munthu ukachita mantha mphindi imodzi imaoneka ngati ola.

Pamene akuphupha musamupanikize. Amuna atatu kumukhalira kuti asiye kugwedezeka sikuletsa khunyu, koma kumagulula phewa kapena kuthyola fupa. Milomo ingade pang'ono, thovu lingatuluke, mwina losakanizika ndi magazi ngati waluma lilime, mwinanso angadzikodzere. Zonsezi zimachitika, ndipo nthawi zambiri kuphupha kumatha kokha pasanathe mphindi ziwiri kapena zitatu.

Kukangoleka, mugonekeni chammbali, bondo lapamwamba mulipinde, nkhope iweramire pansi pang'ono kuti malovu ndi masanzi zituluke zokha osalowa kumapapo. Onani ngati akupuma. Mufunditseni chitenje ngati wadzinyowetsa, ndipo ana ndi anthu ongobwera kudzaonerera muwauze apite. Munthu wamkulu kudzidzimuka n'kupeza mudzi wonse wamuzungulira ali wonyowa, manyazi ake amapweteka kuposa lilime lolumidwa lija. Akatsitsimuka adzakhala wosokonezeka, wotopa, mutu ukuwawa, ndipo angafune kugona. Muuzeni mofatsa kuti anagwa ndipo muli naye. Madzi, phala kapena mankhwala mum'patse pokhapokha atadzuka bwinobwino, akuyankha zomveka.

Nanga dzanja lapsa lija? Thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, muphimbe ndi nsalu yoyera, mupite naye kuchipatala. Osapakapo dzira, mankhwala otsukira mano, mafuta kapena ndowe. Pali mawu akuti wakhunyu akapsa ndi moto ndiye kuti sadzachiranso. Mawu amenewa ndi abodza, ndipo aletsa anthu ambiri kupita kuchipatala. Amene amapsa nthawi zambiri ndi amene amagwa pafupipafupi, ndiye kuti ndi amene akufunika mankhwala msanga kuposa onse.

Kugwa kwina sikodikira kuti kuche. Kuphupha kukapitirira mphindi 5, kapena akagwa kachiwiri asanatsitsimuke, ubongo uli pangozi ndipo afunika jakisoni amene ali kuchipatala kokha. Chimodzimodzi ngati kali koyamba kugwa, ngati wagwera m'madzi, ngati wavulala mutu, ngati thupi latentha kapena khosi lauma, kapena ngati akuvutika kupuma. Mayi woyembekezera kapena amene wangobereka kumene akagwa, thamangani naye nthawi yomweyo, chifukwa kungakhale kuthamanga kwa magazi kumene kumapha mayi ndi mwana. Paulendo agone chammbali, m'ngolo kapena m'galimoto. Munthu amene sanatsitsimuke sakhazikidwa kumbuyo kwa njinga yamoto.

Tsopano za supuni. Pafupifupi mudzi uliwonse munthu akagwa, wina amathamangira supuni, mthiko kapena kamtengo kuti am'kanule kukamwa, ati angameze lilime. Lilime silimezeka, ndi lomangika pansi pa kamwa. Chimene supuni imachita ndi kugulula mano ndi kung'amba nkhama, ndipo dzino lothyoka kapena chidutswa cha mtengo chingatsamwitse munthu mpaka kufa. Mukaikamo chala, nsagwada za munthu wogwa zili ndi mphamvu zoti n'kuchiphwanya. M'kamwa musaikemo kanthu kalikonse. Kumuthira madzi, kumufukiza utsi wa sanza, kumununkhiza anyezi kapena kumumwetsa mankhwala azitsamba ali chikomokere, zonsezi sizifupikitsa kugwa. Zimaoneka ngati zathandiza chifukwa kugwako kumakhala kukutha kale kokha, koma madziwo angalowe kumapapo n'kuyambitsa chibayo.

Bodza lina, limene ine ndimaliona kuti ndilo loipa kwambiri, ndi lakuti khunyu ndi lopatsirana. Amati ukakhudza thovu lake, ukaponda mkodzo wake, kapena ukapuma mpweya umene watulutsa pogwa, nawenso uyamba kugwa. N'chifukwa chake munthu amapsa mpaka fupa anthu ataima patali akungoyang'ana. Khunyu silipatsirana m'malovu, mumkodzo, mumpweya, m'mbale kapena pogonana. Anamwino amagwira odwala khunyu tsiku ndi tsiku, ndipo satenga. Mudye naye mbale imodzi, musamupatulire kapu yake.

Mwina mufunsa kuti, nanga munthu wamkulu amene anali bwinobwino zimuyamba bwanji ngati sanalodzedwe, kapena ngati mbale wake sanamukhwimire kuti alemere? Zifukwa zilipo zodziwika. Kuvulala mutu pangozi ya njinga yamoto kapena pandewu kumasiya chipsera mu ubongo, ndipo kugwa kungayambe patapita miyezi kapena zaka. Sitiroko, malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, matenda obwera chifukwa cha kachilombo ka HIV, ndi kumwa kachasu kwa zaka zambiri, zonsezi zimayambitsa. Kwa ena chifukwa sichipezeka ngakhale atawayeza.

Koma kuno kwathu pali chifukwa china chimene ambiri sachidziwa: njoka zam'mimba zochokera ku nkhumba. Ofufuza anapeza vutoli mwa anthu ambiri odwala khunyu ku Angónia kuno ku Tete, ndiponso ku Katete, tsidya la malire ku Zambia. Mvetsani bwino mmene zimayendera. Munthu akadya nyama ya nkhumba yamasese, ija yokhala ndi timatuza toyera ngati mpunga, yosapsa bwino, m'matumbo mwake mumakula njoka yaitali yaphanthiphanthi. Njokayo imaikira mazira osaoneka ndi maso, amene amatuluka ndi chimbudzi. Akadzithandiza kutchire, nkhumba zoyendayenda zimadya n'kutenga masese. Koma mazira omwewo akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo zamasamba, amaswa, ndipo timphutsi take tingakakhale mu ubongo n'kuyambitsa khunyu. Ndiye kuti ngakhale munthu amene sadya nkhumba angadwale, ngati pamudzi pali wina amene ali ndi njokayo. Taonani kuti chimene chikuyenda apa ndi mazira a njoka ochokera m'chimbudzi, osati khunyu lochokera kwa wogwayo. Chimbudzi chokumba, kusamba m'manja ndi sopo kapena phulusa, khola la nkhumba, ndi kuphika nyama mpaka ipse mkati, ndizo zimadula ulendowu.

Popita kuchipatala, apite ndi munthu amene anaona kugwako, chifukwa wodwalayo sakumbukira. Mukafotokoze mmene kunayambira, mphindi zimene kunatenga, kangati pamwezi, ndiponso ngati anavulalapo mutu. Ngati mufuna kudziwa tsiku labwino lopita, funsani a APE a m'dera lanu. Mankhwala amene amaperekedwa kawirikawiri ndi fenobabitali ndi kabamazepina. Amayamba ndi mlingo wochepa n'kumaonjezera, choncho akagwanso mwezi woyamba musati mankhwala alephera, bwererani mukanene. Masabata oyamba angamve tulo kapena chizungulire, ndipo zimenezi zimachepa. Koma akatuluka zidzolo thupi lonse, zilonda m'kamwa kapena m'maso, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Mankhwalawa ndi akumwa tsiku lililonse, ngakhale miyezi itapita osagwa. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Munthu amaona kuti wachira, kapena wina amuuza kuti taya mapiritsi wapemphereredwa, n'kusiya mwadzidzidzi. Patangopita masiku ochepa kugwa kungabwere kwamphamvu, kosalekeza, kuja kumapha. Kupemphera sikuletsa kumwa mankhwala. Achipatala okha ndiwo angaganize zochepetsa, kawirikawiri munthu atatha zaka ziwiri osagwa, ndipo amachepetsa pang'onopang'ono. Ngati mumamwa ma ARV kapena mankhwala a TB, nenani, chifukwa mankhwala ena amafooketsana. Amayi dziwani kuti fenobabitali ndi kabamazepina amachepetsa mphamvu ya mapiritsi olera ndi kolera koika pamkono, ndiye funsani njira ina monga jakisoni kapena lupu. Wakhunyu amakwatiwa, amakwatira, amabereka. Mayi akafuna mimba akambirane ndi achipatala isanabwere, ndipo akapezeka nayo asasiye mankhwala payekha.

Pamene kugwa kusanaleke, wodwala asaphike yekha pamoto, asapite yekha kumtsinje kapena kuchitsime chosaphimba, asakwere padenga kapena pachigafa cha fodya, asayendetse njinga yamoto. Mowa ndi kuchezera usiku wonse, monga kumaliro, zimadzutsa khunyu, choncho abale mumulole akagone. Kulima, kugulitsa pamsika ndi ntchito zina apitirize.

Ambiri a ife timaoloka malire kukagula, kukagwira ganyu kapena kukaona abale ku Katete kapena ku Malawi. Musanyamuke opanda mapiritsi okwanira ndi khadi lanu lakuchipatala, kuti mukadwala kumeneko adziwe mankhwala amene mumamwa ndi mlingo wake. Ndipo mvula ikayandikira, pamene mitsinje ngati Luia imadzaza ndi misewu kuterera, musadikire piritsi lomaliza. Mapiritsi akatsala a sabata imodzi, nyamukani mukatenge ena, ndipo mufunse ngati angakupatseni okwanira kudutsa miyezi ya mvula.