Manambala atatu a dzulo amene ogula golide amayambira tsiku

Makompyuta asanafale, amalonda a m'misika ya ku Chicago ankalowa m'bwalo la malonda atalemberatu manambala angapo pakapepala. Nthawi yowerengera inalibe, chifukwa m'katimo munali phokoso lokhalokha. Manambalawo ndi amene lero amaoneka pa tchati ndi dzina loti Pivot Points, ndipo amachokera pa mitengo itatu ya dzulo: wokwera kwambiri (H), wotsika kwambiri (L) ndi wotsekera msika (C).

```
P  = (H + L + C) / 3
R1 = 2P - L
S1 = 2P - H
```

Tiyerekeze kuti dzulo golide anakwera kufika madola 2,360 pa aunsi, anatsika kufika 2,330, n'kutsekera pa 2,354. Tikaphatikiza tipeza 7,044, tikagawa patatu tipeza 2,348. Imeneyi ndiye P, mchombo wa tsiku la lero. Tikaichulukitsa kawiri n'kuchotsa 2,330 tipeza R1, yomwe ndi 2,366, denga pomwe mtengo ungagunde mutu. Tikachotsa 2,360 m'malo mwake tipeza S1, yomwe ndi 2,336, pomwe mtengo ungaponde n'kudzuka.

Msika ukatsegulira pa 2,352, pamwamba pa P, wamalonda amaona kuti ogula akadali ndi mphamvu. Sathamangira kugula. Amadikira mtengo utsikire pafupi ndi 2,348, ndipo ukakana kupyola amagula, akuyang'ana 2,366. Amaikiratu lamulo loti mtengo ukagwa kufika 2,342 malondawo atsekedwe okha. Akaluza ataya madola 6 pa aunsi, akapata apeza pafupifupi 18. Ine ndimaona kuti phindu lenileni la njirayi lili pamenepa: munthu amasankha potulukira mtima usanayambe kugunda.

Koma ambiri amagwa pa funso looneka lachibwana: kodi dzulo linatha nthawi yanji? Golide ndi ndalama zakunja zimagulitsidwa pafupifupi usana ndi usiku. Ochuluka amatseka tsiku pa 5 koloko madzulo ku New York, yomwe kuno kwathu ndi 11 koloko usiku kuyambira Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndipo miyezi inayo ndi 12 koloko usiku. Tchati chanu chikamadula tsiku pa ola lina, mizere yanu isiyana ndi ya anzanu, pomwe mphamvu ya mizereyi, ngati ilipo, imachokera poti anthu ambiri akuyang'ana malo amodzi. Lolemba chenjerani kwambiri. Matchati ena amawerenga maola ochepa a Lamulungu usiku ngati tsiku lathunthu, ndipo mudzazindikira poona R1 ndi S1 zitapanikizana. Zikatero gwiritsani ntchito mitengo ya Lachisanu.

Manambalawa sadziwa nkhani za lero. Dziko la America likamatulutsa lipoti la ntchito, kawirikawiri Lachisanu loyamba la mwezi pa 8:30 m'mawa ku New York, golide amatha kudutsa R1 kapena S1 ngati palibe kanthu, ndipo lamulo lotsekera lija lingakutulutseni pa mtengo woipa kuposa 2,342.