Mawu otsegulira tsiku loyamba la kalabu yoyenda pansi

Mawu otsegulira msonkhano woyamba wa kalabu yoyenda pansi amapita kwa anthu oimirira, amene amanga kale zingwe za nsapato. Apa ndiye pamene amasiyanira ndi zolankhula za paukwati kapena pamsonkhano wachitukuko, pomwe anthu amakhala pansi n'kumvetsera ngakhale kwa ola lathunthu. Mphindi zitatu zimakwana. M'miyezi ya Juni ndi Julayi munthu woima chilili m'mamawa amayamba kunjenjemera ndi chisanu, pomwe mu Okutobala kuchedwa kunyamuka ndiko kukayenda dzuwa litaswa mtengo.

Malonje sadumphidwa. Likatha pemphero lalifupi, wapampando amapereka ulemu kwa amfumu, akuluampingo ndi alangizi a zaumoyo ngati alipo, kenako kwa amayi, abambo ndi achinyamata onse. Vuto limabwera pamene aliyense wotchulidwa wapatsidwanso mpata woti anenepo mawu. Wapampando wanzeru amakaonana ndi amfumu dzulo lake n'kuwapempha kuti adzalankhule anthu akabwerako, atakhala pansi.

Cholinga cha kalabu chimafunika chiganizo chimodzi kapena ziwiri. Malangizo a 2020 a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi zosalemetsa kwambiri, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Mphindi 150 ndi theka la ola masiku asanu. Choncho kalabu yokumana Loweruka lokha sikwanitsa muyezowu, ndipo ndi bwino kunena poyera kuti masiku enawo aliyense aziyendako payekha. Chimene wolankhula sayenera kuchita ndi kulonjeza machiritso. Kuyenda kumathandiza odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi, koma sikulowa m'malo mwa mankhwala akuchipatala.

Mtima wa mawuwo ndi ulendo wa tsikulo. Omvera amakhala ndi mafunso amene sawafunsa: tipita kuti, tibwera nthawi yanji, nanga ndikatsalira? Poyenda ndawala munthu wamkulu amatha pafupifupi makilomita 5 pa ola, ndiye theka la ola ndi makilomita awiri ndi theka. Koma mtunda umamveka bwino ukatchulidwa ndi malo odziwika. Wapampando angathe kunena motere:

"Lero tinyamukira pabwalo lasukulu pano, tidutsa pachigayo, tikakhotera pamjigo n'kubwerera. Tonse pamodzi titenga theka la ola. Amayi avala chipewa chofiirawa atsogola, ndipo palibe wowapitirira. Abambo awa akhala kumapeto, ndipo palibe wotsala kumbuyo kwawo. Uwu si mpikisano. Ngati mukutha kucheza ndi mnzanu koma simungathe kuimba nyimbo, liwiro lanu lili bwino. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika, imani ndipo muwauze abambowa."

Munthu wakumapetoyo ndi wofunika kuposa wotsogola. Agogo kapena mayi wobereka mwana amene wasiyidwa yekha panjira tsiku loyamba sabweranso sabata yamawa, ndipo sanena chifukwa. Kuloza munthuyo ndi dzanja, onse akuona nkhope yake, kumachotsa manyazi a oyenda pang'onopang'ono.

Ngati njira ikudutsa mumsewu wa galimoto wopanda poyenda apansi, lamulo limodzi litchulidwe. M'Malawi galimoto zimayenda kumanzere, choncho oyenda pansi amatsata mbali yakumanja kuti aziona zobwera kutsogolo kwawo, ndipo pamalo opanikizika amayenda mondondozana. Gulu locheza limakonda kutambasuka n'kudzaza msewu, osamva kabaza wanjinga yakapalasa amene amafika mwakachetechete.

Nkhani ya ndalama ndiyo ambiri amaizemba, chonsecho ndi imene imapasula magulu. Kumadera kumene misonkhano ya mabungwe idazolowetsa anthu kulandira alawansi, zakumwa kapena malaya, ena amabwera akuyembekezera zomwezo. Ngati palibe cholandira, wapampando anene tsiku lomwelo, mwaulemu koma mosapita m'mbali. Ngati padzakhale chopereka, anene kuti mamembala adzagwirizana okha kuchuluka kwake ndi wosunga, osati kuchilengeza ngati chigamulo.

Zisankho za komiti, malamulo a kalabu ndi kulemba mayina zimadikira mpaka anthu atabwerako, chifukwa pamenepo amakhala atadziwa chimene akulowa. Mawu akatalika zimaoneka msanga: akumbuyo amayamba kucheza, ena amakhala pamiyala, ena amayang'ana mafoni. Wolankhula akaona zimenezi alumphe zotsalazo, atchule kawiri tsiku, nthawi ndi malo okumanirana sabata yamawa, kenako auze wotsogola kuti anyamuke.