Awiri, Atatu, Awiri, Atatu: Chinsinsi cha Makiyi Akuda a Piyano

Aliyense amene anaimbapo m'kwaya amadziwa do, re, mi, fa, so, la, ti, do. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti masitepe a makwerero amenewa ndi osafanana. Kuchoka pa do kupita pa re ndi sitepe yathunthu, pa re kupita pa mi chimodzimodzi, koma pa mi kupita pa fa ndi theka chabe. Kenako pamabwera masitepe athunthu atatu mpaka pa ti, ndipo kuchoka pa ti kufika pa do wapamwamba ndi thekanso. Maonekedwe onse a piyano, kapena kiyibodi ya kutchalitchi kwanu, agona pamenepa.

Makiyi oyera ndiwo mawu asanu ndi awiri aja, ndipo mayina awo ndi C, D, E, F, G, A ndi B. Mukayambira pa C n'kumakwera osadumpha, mumva do re mi yense bwinobwino. Tsono paliponse pamene pali sitepe yathunthu pali malo a liwu lina pakati, ndipo liwu limenelo ndiye kiyi yakuda. Pakati pa C ndi D pali yakuda, pakati pa D ndi E palinso ina: awiri aja ndi amenewa. Pakati pa E ndi F palibe, chifukwa mawuwo ndi oyandikana kale, palibe mpata woikapo kanthu. Pakati pa F ndi G, G ndi A, A ndi B pali akuda atatu, ndipo pakati pa B ndi C palibenso. Oyera 7 ndi akuda 5 akupanga mawu 12, kenako dongosolo limayambiranso, mawu omwewo koma okwera.

Piyano yathunthu ili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36. Mukayang'ana kumapeto kwenikweni kumanzere mupeza yakuda imodzi ili yokhayokha. Sikuti analakwitsa popanga ayi. Piyano imayambira pa A, ndiye gulu la atatu linadukira pomwepo. Makiyibodi ambiri amagetsi ali ndi makiyi 61, koma kayalidwe kake n'komweko.

Dongosololi ndi lakale kuposa piyano. Pamene Bartolomeo Cristofori ankapanga piyano yoyamba ku Florence, m'dziko la Italy, cha m'ma 1700, analipeza lili kale pa malimba a m'matchalitchi a ku Ulaya. Malimba oyambirira anali ndi mawu a makiyi oyera, ndipo enawo anawonjezedwa pambuyo pake, aafupi ndi okwererapo, n'kulowetsedwa m'mipata imene inalipo. Limba la ku Halberstadt ku Germany, la m'chaka cha 1361, linali kale ndi magulu a awiri ndi atatu.

Ntchito ya makiyi akuda imaoneka bwino kwaya ikadandaula kuti nyimbo yatsika kwambiri. Tinene kuti mwaganiza zoika do pa G. Mukwera: G, A, B, C, D, E, ndipo mpaka apa khutu likuvomereza, pakuti theka la mi ndi fa lagwera pa B ndi C. Mukadina F, nyimbo imapotoka nthawi yomweyo. Kuchoka pa la kupita pa ti pamafunika sitepe yathunthu, koma E ndi F atalikirana theka lokha. Ti weniweni ali pa kiyi yakuda ya kumanja kwa F, yoyamba pagulu la atatu, imene oimba amaitcha F shapu. Mukaika do pa F, vuto limagwera pa fa: B amamveka wokwera kwambiri, ndiye mumatsikira pa yakuda ya kumanzere kwake, B fulati.

N'chifukwa chake ndimadandaula ndikaona achinyamata aluso akuimba nyimbo iliyonse pamakiyi omwewo, n'kumangodina batani la Transpose. Batanilo limathandiza, koma pa piyano ya zingwe palibe, ndipo amene analizolowera amasowa pogwira.

Magulu amenewa ndiwonso amalozera woimba njira. Akanakhala kuti oyera ndi akuda amangosinthana umodziumodzi, malo onse akanafanana, ndipo diso silikanadziwa pamene pali C. Koma momwe zililimu, C ali kumanzere kwa akuda awiri, D ali pakati pawo, F ali kumanzere kwa akuda atatu. Popeza akudawo ndi otukuka, zala zimawapeza ngakhale osayang'ana, ndipo umu ndi momwe oimba osaona, monga Ray Charles ndi Stevie Wonder, ankadziwira pamene dzanja lili.

Mukapeza mpata pa kiyibodi sabata ino, pezani C aliyense kuchokera kumanzere mpaka kumanja, kenako tsinzinani mubwereze ndi zala zokha. Mukatero yambirani pa G, ndipo mulole khutu likuuzeni pamene pakufunika kiyi yakuda.