Kontirakiti Yatha, Chinsinsi Sichinathe

Tiyerekeze kuti kopaletivi ya alimi a mtedza inabwereka katswiri woti aifufuzire misika kwa chaka chimodzi. Patatha miyezi isanu, malipoti akubwera mochedwa, ndipo komiti yagwirizana zosiyana naye. M'laputopu yake muli mitengo imene kopaletivi inamvana ndi ogula, mayina a alimi onse, manambala awo a foni ndi ngongole zawo. Kalata yomusiyitsa ntchito ilembedwe bwanji?

Choyamba n'kutsegula kontirakiti. Katswiri wotereyu si wantchito wa kopaletivi, choncho njira yosiyanirana imachokera pa zimene mbali ziwirizi zinasainirana. Ngati ndime ikuti notisi ndi masiku 30, ndipo kalata wailandira pa 1 Juni, ntchito itha pa 1 Julaye. Kumuchotsa tsiku lomwelo popanda mlandu umene kontirakiti ikutchula n'kuphwanya pangano, ndipo iye angathe kufuna ndalama za masiku otsalawo.

Pa nkhani ya chinsinsi ndi pamene ambiri amapunthwa. Amangolemba kuti asaulule chilichonse, basi. Mawu oterewa ndi ofooka, chifukwa luso limene katswiriyo anabwera nalo ndi lake, ndipo mitengo imene aliyense akuimva pa msika wa Mchinji si chinsinsi cha munthu. Kalata itchule nambala ya ndime ya chinsinsi, inene kuti ndimeyo ikugwirabe ntchito kontirakiti ikatha, kwa zaka zimene zinalembedwa, kenako itchule zinthuzo mayina: mndandanda wa ogula, mitengo yomvana, kaundula wa alimi. Tsiku lina nkhaniyi ikadzafika kukhoti kukapempha chiletso, woweruza adzafuna kuona kuti nkhanizo zinali zobisikadi, ndiponso kuti katswiriyo ankadziwa kuti anapatsidwa mom'khulupirira. Kalata yotchula zinthu mayina imathandiza pamenepo. Komatu kalata imangokumbutsa udindo umene ulipo kale. Singawonjezere zaka kapena chindapusa chimene iye sanasainire.

Kaundula wa alimi ndiye amandidetsa nkhawa kwambiri. Anthuwa anapereka manambala awo kwa kopaletivi, osati kwa mlendo, ndipo lamulo loteteza nkhani za anthu la 2024 likufuna kuti wosonkhanitsa nkhani zotere azisamale. N'chifukwa chake kalata ipereke tsiku lobwezera mafailo ndi makiyi, ndiponso imuuze kuti afufute zotsala mu foni, mu fulashi ndi mu imelo yake, n'kusainira kuti watero. Kopaletivi nayonso isinthe mapasiwedi ndi kumuchotsa m'gulu la WhatsApp tsiku lomaliza lomwelo.

Pali malire amodzi amene komiti isawadumphe. Ngati katswiriyo anaona zakatangale m'mabuku, ndime ya chinsinsi singamutseke pakamwa kuti asakanene ku bungwe la ACB kapena kupolisi, ndipo kalata isalembedwe ngati yomuopseza pa zimenezo. Ndalama za ntchito imene anagwira kale zilipidwe monga kontirakiti ikunenera, kalatayo itchule kuchuluka kwake ndi tsiku lolipira.