Kalata ya maperesenti khumi ndi kumene imakagwera

Imelo imene woyang'anira chuma amatumiza kwa akuluakulu a madipatimenti powauza kuti adule bajeti zawo ndi gawo lofanana imakhala yaifupi, ndipo nthawi zambiri imanena zinthu zitatu zokha: kuti ndalama zolowa zachepa, kuti dipatimenti iliyonse ichotse maperesenti mwakuti pa bajeti yake, komanso kuti bajeti yokonzedwanso ifike ku ofesi ya zachuma pofika tsiku lakuti. Njira yodula mofanana chonchi imakondedwa chifukwa imafulumira, imasonyeza ngati palibe wokonderedwa, ndiponso imapulumutsa woyang'anira chuma ku mikangano yokhudza ntchito zimene iye sazidziwa mwakuya ngati eni ake. Koma kufanana kwake kumathera pa pepala, pakuti peresenti imawerengedwa pa bajeti yonse ya chaka, pomwe kudula kwenikweni kumatheka pa kachigawo kokha kamene sikanagwiritsidwe ntchito ndiponso sikanalonjezedwe kwa wina aliyense.

Mfundoyi imamveka bwino ndi chitsanzo chongoyerekeza cha kampani yogawa katundu m'masitolo, imene chaka chake cha chuma chimayamba pa 1 Epulo ndi kutha pa 31 Marichi, monga chimachitira chaka cha chuma cha boma la Malawi kuyambira mu 2022. Imelo yafika kumayambiriro kwa Okutobala ndipo ikulamula kuti aliyense adule maperesenti 10 pa bajeti imene inavomerezedwa. Dipatimenti yoyendetsa galimoto inapatsidwa K600 miliyoni, choncho iyenera kubweza K60 miliyoni. Popeza theka la chaka lapita kale ndipo theka la ndalama lagwiritsidwa ntchito, K60 miliyoniyo ichokera pa K300 miliyoni yotsala, kutanthauza kuti maperesenti 10 asanduka 20 mkulu wa dipatimenti asanakhudze chilichonse.

Pa ndalama zotsalazo, K150 miliyoni ndi ya malipiro a madalaivala ndi amakanika, kuphatikizapo zimene lamulo limakakamiza wolemba ntchito kupereka pamwamba pa malipiro, monga maperesenti 10 a penshoni. K60 miliyoni ina ndi ya makontrakiti osayinidwa kale, a malole obwereka ndi a kampani ya alonda, amene sangathetsedwe popanda chidziwitso cha miyezi ingapo kapena chindapusa. Palinso K15 miliyoni ya katundu amene anaodedwa kale ndipo ali m'njira, ngakhale kuti invoyisi yake, chikalata chimene wogulitsa amatumiza pofuna malipiro, sinafike. Ndalama zoterezi akatswiri a maakawunti amaziwerengera ngati zomangika, chifukwa zikadali m'buku koma mwini wake anadziwika kale. Zikachotsedwa zonsezi, mkulu wa dipatimenti amatsala ndi K75 miliyoni ya mafuta, matayala ndi sevisi ya galimoto, ndipo ndi pamenepa pokha pamene K60 miliyoni ingachokere. Zimene imelo inazitcha maperesenti 10 zafika pa maperesenti 80 a ndalama zoyendetsera malole, ndipo malolewo ndi amene amabweretsa ndalama zimene kampaniyo ikudandaula kuti zachepa.

Dipatimenti yotsatsa malonda ya kampani yomweyo inapatsidwa K200 miliyoni ndipo iyenera kubweza K20 miliyoni. Pa K100 miliyoni yotsala, malipiro ndi K25 miliyoni ndipo kontrakiti ya zikwangwani za m'mbali mwa misewu ndi K15 miliyoni, choncho K60 miliyoni ndi yomasuka. Dipatimentiyi itaya gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zake zomasuka, zimene zingatheke pochepetsa mauthenga a pa wayilesi kwa miyezi ingapo. Akuluakulu awiriwa analandira imelo imodzi yokhala ndi nambala imodzi, koma wina wapemphedwa kudekha pang'ono pamene mnzake wapemphedwa kuimika malole.

Funso limene anthu osadziwa za maakawunti amafunsa msanga ndi lakuti bwanji osangodula pa malipiro, popeza ndi amene amatenga gawo lalikulu. Yankho lake ndi lakuti kuchotsa anthu ntchito kumafuna ndalama kusanayambe kupulumutsa ndalama. Lamulo la ntchito la ku Malawi limanena kuti wochotsedwa ntchito chifukwa cha mavuto a chuma a kampani alandire malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyambirira, masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira chachisanu ndi chimodzi kufika chakhumi, ndi masabata anayi pa zaka zoposera apo. Dalaivala amene wagwira zaka khumi ayenera kupatsidwa malipiro a masabata 25, osawerengera chidziwitso ndi masiku atchuthi amene sanapume, ndipo masabata 25 ndi pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi yomwe yatsala m'chakacho. Kumuchotsa mu Okutobala sikubweza kanthu ku bajeti ya chaka chimenecho. Chimene chimathandiza msanga pa mbali ya antchito ndi kusiya kulemba anthu atsopano m'malo a amene achoka, kuchepetsa ovataimu ndi maalawansi, ngakhale kuti nazonso zimagwa mwangozi, chifukwa amene wasiya ntchito angakhale makanika yekhayo wodziwa injini za dizilo.

Vuto limakula ngati mitengo yakwera chiyambire pamene bajeti inavomerezedwa. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu ya Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha kotero kuti dola imodzi inachoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700, kukwera kwa maperesenti 44. Dipatimenti ya makompyuta imene inkalipira madola 20,000 pa chaka chifukwa cha chilolezo cha pulogalamu inkafuna K23.6 miliyoni, koma inadzuka ikufuna K34 miliyoni pa chinthu chomwecho. Bajeti ya dipatimenti yotere inali itadulidwa kale ndi msika, ndipo imelo yoonjezera maperesenti 10 imaipeza ili kale ndi chibowo chimene dipatimenti yogula zinthu za m'dziko momwemo ilibe pa mlingo womwewo. Mwezi womwewo boma linalengeza njira zake zochepetsera ndalama, kuphatikizapo kuimitsa maulendo akunja a akuluakulu a boma ndi kudula ndi theka mafuta a nduna ndi akuluakulu ena, ndipo chochititsa chidwi pa njirazi n'chakuti zinatchula mtundu wa ndalama zodulidwa m'malo mopereka peresenti imodzi kwa unduna uliwonse.

Mkulu wa dipatimenti amene wapatsidwa nambala yosatheka sakana poyera, chifukwa kukana kumaoneka ngati kusamvera, koma amapeza njira zosonyeza kuti wadula pamene sanadule. Yodziwika kwambiri ndi yochedwetsa malipiro: mafuta amatengedwa pa ngongole, invoyisi imasungidwa m'diroo mpaka Epulo, ndipo buku la dipatimenti limaonetsa kuti malire sanapyoledwe. Ina ndi yodumphitsa sevisi, kotero kuti lole imene imayenera kusinthidwa oyilo imapitirira kuyenda mpaka injini itagwira, ndipo mtengo wokonzera umaposa kutali ndalama zimene zinasungidwa. Palinso kukankhira mnzake, monga pamene dipatimenti ya galimoto imauza antchito ogulitsa katundu wa kampaniyo kuti azilipira okha mafuta a maulendo awo, ndalama zimangochoka pa mzere wina n'kukaonekera pa wina. Ndipo chaka chotsatira aliyense amakweza dala bajeti imene akupempha, atazindikira kuti wopempha zenizeni ndi amene amavutika, popeza maperesenti 10 amachotsa mafuta okha kwa amene ananenepetsa bajeti yake koma amafika pa fupa kwa amene anaiwerengera moona mtima.

Woyang'anira chuma watcheru angathe kuzindikira zimenezi pasanathe miyezi iwiri. Ndandanda ya ngongole za kampani, imene imagawa ngongole malinga ndi masiku amene zakhala osalipidwa, imayamba kudzaza ku mbali ya masiku 60 ndi 90. Ogulitsa amene ankapereka katundu pa ngongole amayamba kufuna ndalama patsogolo, kapena amakweza mitengo kuti abwezere nthawi yodikira. Mzere wa sevisi umatsika mpaka pafupifupi ziro pamene malita a mafuta pa kilomita iliyonse akukwera. Chizindikiro chodalirika koposa ndi kufanizira zikalata zolandirira katundu za ku sitolo ndi mainvoyisi amene afika ku maakawunti, chifukwa katundu wolandiridwa wopanda invoyisi ndi ngongole imene buku silinaione.

Dziko la America linayesa njirayi pa mlingo waukulu mu Marichi 2013, pamene lamulo la 2011 linachititsa kuti madola pafupifupi 85 biliyoni adulidwe mofanana m'nthambi zambiri za boma, ndipo nthambizo zinali ndi mpata wochepa wosamutsa ndalama kuchoka pa ntchito ina kupita pa ina. Mu Epulo bungwe loyang'anira za ndege linayamba kupumitsa oongolera ndege masiku ena osawalipira, ndege zinachedwa m'mabwalo akuluakulu, ndipo pasanathe sabata nyumba ya malamulo inavomereza kuti bungwelo litenge ndalama za ntchito zokonza mabwalo n'kulipirira antchitowo. Ndalama zodulidwa sizinasinthe, chimene chinasintha ndi ufulu wosankha pozichotsa.

Chifukwa cha zimenezi, imelo yolembedwa bwino imayenera kunena ngati peresentiyo ikuwerengedwa pa bajeti yonse kapena pa ndalama zotsala, mizere imene siyenera kukhudzidwa, ngati mkulu wa dipatimenti ali ndi chilolezo chosamutsa ndalama pakati pa mizere, komanso ngati kudulako ndi kwa chaka chino chokha kapena kudzakhala poyambira bajeti ya chaka chamawa. Mfundo yomalizayi imaiwalika kawirikawiri, chonsecho ndi imene imasiyanitsa kuimitsa maphunziro a antchito kwa miyezi isanu ndi umodzi ndi kuwathetseratu.

Mkulu wa dipatimenti ya galimoto wa m'chitsanzo chija alinso ndi njira yabwino yoyankhira kuposa kudandaula kapena kuvomera mwaulemu zimene sangathe. Angatumize tebulo losonyeza bajeti yovomerezedwa, zimene zagwiritsidwa ntchito, zomangika ndi zomasuka, kenako n'kupereka magawo a kudula pamodzi ndi zotsatira zake: kuti K12 miliyoni ingapezeke pophatikiza maulendo ndi kuchepetsa ovataimu popanda kusokoneza makasitomala, kuti K18 miliyoni ina ingapezeke ngati malole azipita ku Mzuzu kawiri pa sabata m'malo mwa katatu, ndi kuti K30 miliyoni yotsalayo singapezeke popanda kusiya njira zina kotheratu, zimene ziyenera kuyerekezedwa ndi phindu limene njirazo zimabweretsa. Chigamulo cha gawo lachitatuli si cha ofesi ya zachuma yokha, ndipo chimayenera kukafika kwa mkulu wa kampani ndi bodi, amene ali ndi mphamvu zotenga maperesenti 25 ku dipatimenti yotsatsa malonda ndi 5 okha ku ya galimoto bola K80 miliyoni yofunika kuchokera ku madipatimenti awiriwa ikwanire.