Kalata Yodandaula Simalo Otukwanira

Mwini shopu ina ku Limbe anaitanitsa matumba 200 a simenti, ndipo analipiratu theka la ndalama. Anagwirizana ndi kampani yogulitsayo kuti katundu afika pa 3 Juni, koma pa 12 Juni kudali zii. Mtima utawira, iye analemba kuti: “Ndinu akuba, simudziwa ntchito! Mundiona!”

Vuto la kalata yotereyi ndi loti wolandira amayamba kudziteteza pa mawu oti “akuba”, nkhani ya simenti n’kuiwalika. Komanso kunamizira munthu kuba popanda umboni kungathe kukutembenukirani nkhani ikafika kukhoti. Nanga “mundiona” akutanthauza chiyani? Palibe tsiku, palibe chochita.

Atagona, m’mawa anailembanso motere: “Bwana, pa 27 Meyi tinaitanitsa matumba 200 a simenti ndi kulipira theka, monga ikusonyezera risiti yomwe taphatikizayi. Munalonjeza kuti afika pa 3 Juni. Lero papita masiku 10, ndipo makasitomala athu awiri akagula kwina. Tikupempha kuti katunduyu afike pofika Lachisanu, pa 16 Juni. Zikakanika, tithetsa mgwirizanowu ndipo mutibwezere ndalama zonse.”

Kalata yachiwiriyi ndiyo yoopsa kwambiri, ngakhale ili yaulemu. Mphamvu yake ili pa tsiku lomaliza lija komanso pa chimene chichitike likadutsa. Koma musalembe zothetsa mgwirizano ngati simenti yomweyo mulibe kwina koipeza. Pamenepo ndi bwino kupempha kuti akuchotsereni mtengo kapena alipire okha mayendedwe.